Karoseli ya mayunifomu: tiyambe ndi mtengo, tsiku, msoko kapena dzina la sukulu?

Azakhali anga ali ndi kashopu kosoka pafupi ndi msika wa pa boma la Mangochi. Muli makina awiri opalasa ndi mwendo, tebulo lodulirapo nsalu, simbi yamakala, ndi mnyamata mmodzi wowathandiza. Ine gawo langa ndi la pa foni. Ogasiti akangolowa amandiitana: "Iwe, tilembere zija, makolo ayambe kubwera." Zija akunenazo ndi karoseli, zithunzi zingapo zotsatizana zomwe munthu amasuntha ndi chala, tsamba lililonse lili ndi mawu ake ochepa.

Ndawalembera kwa matemu angapo tsopano, ndipo ndayesa njira zinayi zosiyana. Zonse zili ndi zinthu zofanana mkati: mitengo, tsiku lomaliza kulandira maoda, dipoziti, nambala ya foni. Zimasiyana pa chimene chimakhala pa tsamba loyamba, ndipo tsamba loyambalo ndi lomwe limasankha mtundu wa anthu amene abwere pakhomo, komanso tsiku lomwe abwerere. Koma tisanafike kumeneko pali masamu amene ndinaphunzira mochedwa, ndipo popanda masamu amenewa njira zonse zinayi zimangokuputirani mavuto.

Werengani kaye zimene makina angakwanitse

Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu Seputembala, ndipo temu yoyambayi ndi imene imabweretsa ntchito yaikulu: ana oyamba Sitandade 1, osankhidwa kupita ku Fomu 1, ndi onse amene atalika pa holide. Tiyerekeze kuti sukulu zikutsegulidwa Lolemba pa 15 Seputembala, ndipo karoseli ikutuluka patatsala milungu inayi.

Azakhali ndi mnyamata wawo, tsiku likayenda bwino, amamaliza zovala 10 onse awiri, kudula, kusoka ndi kusita komwe. Amagwira ntchito Lolemba mpaka Loweruka, ndiye kuti masiku 24. Lachisanu mnyamatayo amapita ku mzikiti masana ndipo ntchito imayenda theka, kotero timachotsa masiku 2. Masiku 2 omalizira ndi operekera zovala ndi kukonza zothina, sasokanso zatsopano. Masiku ena 3 timawasiyira ulendo wokagula nsalu ku Limbe, maliro ndi malungo, chifukwa mwezi sungathe popanda chimodzi mwa zimenezi. Atsala masiku 17, kutanthauza zovala 170. Onani kuti ndi zovala, osati ana. Mtsikana wa ku pulayimale ndi diresi imodzi, koma mnyamata ndi shati ndi kabudula, ndipo wa ku sekondale yogonera amafuna ziwiriziwiri. Zovala 170 mwina ndi ana 100 basi.

Chiwerengero chachiwiri ndi chomwe chimapereka tsiku lotsekera. Tikatseka maoda Loweruka pa 6 Seputembala, masiku osoka otsala ndi Lolemba mpaka Lachinayi, anayi okha, zovala 40. Ndiye madzulo a pa 6 paja, mulu wodikira usapitirire 40. Ukapitirira, pali ana amene adzapita ku sukulu ndi zovala za kunyumba, ndipo makolo awo adzakhala pakhonde Lamlungu akukunenani. Choncho ntchito ya karoseli si kubweretsa anthu ambiri chabe. Ndi kuwakokera ku mlungu woyamba ndi wachiwiri, pamene makina amangokhala. Njira iliyonse ndimaiyesa ndi muyeso umenewu.

Njira yoyamba: mtengo patsogolo

Iyi ndi imene aliyense amayambira, ndipo inenso ndinayambira pomwepo. Masamba ake anali chonchi:

Tsamba 1: "Yunifomu ya sukulu kuyambira K15,000"
Tsamba 2: "Diresi: Sitandade 1 mpaka 4, K15,000. Sitandade 5 mpaka 8, K19,000"
Tsamba 3: "Shati ndi kabudula: ..." ndi mitengo yake
Tsamba 4: "Muli ndi nsalu yanu? Kusoka kokha K6,000"
Tsamba 5: komwe tili ndi nambala ya foni

Mitengo iyi ndi ya chitsanzo, inu muike yanu. Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu. Funso loyamba la kholo lililonse ndi lakuti "ndi zingati?", ndipo mukaliyankha pa chithunzi mwadzipulumutsa ku mauthenga makumi ofunsa chinthu chimodzi pamene muli pa makina. Imathandizanso bambo amene ali ku Joni kapena ku Lilongwe, amene amangofuna chiwerengero kuti atumize ndalama. Ku Mangochi makolo otere ndi ambiri, ndipo kawirikawiri amene amaona karoseli si amene adzabwere ndi mwana kudzayezetsa.

Vuto lake loyamba ndi mawu akuti "kuyambira". Munthu amasunga m'mutu chiwerengero cha pa tsamba loyamba, enawo sawaona. Kunabwera mayi wina wochokera kutsidya kwa mlatho, kwa M'baluku, ndi mtsikana wa Sitandade 8 wamtali kuposa ine, m'manja ali ndi K15,000 yeniyeni. Azakhali atawauza kuti ndi K19,000, mayiwo anatulutsa foni n'kunena kuti, "Amayi, nanga si mwalemba nokha apa?" Zoonadi tinalemba tokha. Anachotserana pang'ono kuti nkhani ithe, ndipo phindu la diresi imeneyo linathera pomwepo.

Vuto lachiwiri ndi lakuti chithunzi sichifa. Status ya pa WhatsApp imachoka pakatha maola 24, koma chithunzi chimene wina wasunga kapena watumiza m'gulu chimakhala mpaka kalekale. Mtengo wa nsalu sudikira. Amene anali pa bizinesi mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, akukumbukira kuti mitengo ya ku Limbe inasintha anthu asanamalize kudabwa. Mu Januwale wotsatira panabwera anthu ndi chithunzi cha Ogasiti. Kuyambira pamenepo tsamba lililonse lokhala ndi mtengo ndimalembapo m'munsi kuti "Mitengo iyi ndi ya mpaka pa 6 Seputembala", ndi chaka chomwe.

Chachikulu koposa n'chakuti mtengo suuza munthu kuti afulumire. Amauona, amati chabwino, ndidzapita ndikalandira. Ndipo onse amalandira tsiku limodzi, pa mapeto a mwezi.

Njira yachiwiri: tsiku patsogolo

Iyi ndi imene ndimaikonda, ndipo ndiifotokoza mokwanira chifukwa mawu ake amafuna kusamala. Tsamba loyamba limanena chinthu chimodzi chokha, tsiku.

Tsamba 1: "Maoda a yunifomu titseka Loweruka pa 6 Seputembala"
Tsamba 2: "Sukulu zitsegulidwa pa 15. Tili ndi makina awiri, tingasoke zovala 170 basi. Zikakwana titseka ngakhale tsikulo lisanafike"
Tsamba 3: "Mukaoda pofika pa 23 Ogasiti, mutenga pakatha masiku 4. Mukaoda pambuyo pake, mutenga pa 12 kapena pa 13 Seputembala"
Tsamba 4: mitengo yonse, mzere umodzi chovala chimodzi
Tsamba 5: "Bwerani ndi mwana tidzamuyeze. Dipoziti K9,000 pa diresi ya K15,000, pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba"
Tsamba 6: chithunzi cha khomo la shopu, malo ake, maola ndi nambala

Tsamba lachiwiri azakhali analikana poyamba. "Iwe, ukufuna dziko lonse lidziwe kuti tili ndi makina awiri okha?" Ndinawayankha kuti, "Azakhali, aliyense wodutsa pakhonde pano amawaona kale." Chimene tsambali limachita ndi kupereka chifukwa. Mawu ngati "fulumirani, malo ndi ochepa" anthu anawazolowera, amadziwa kuti ndi kutsatsa chabe. Koma mukati makina awiri, zovala 170, munthu amawerengera yekha ana a m'mudzi mwake n'kuona kuti si zambiri.

Tsamba lachitatu ndilo limagwira ntchito yeniyeni, ndipo anthu ambiri olemba zotsatsa salikumbukira. Tsiku lomaliza lokha limangouza anthu tsiku loti adzabwere onse pamodzi. Munthu wakuno ukamuuza kuti malire ndi pa 6, amabwera pa 6 madzulo. Ndiye pafunika mphotho ya wofulumira. Ena amachotsera mtengo, koma pa diresi yomwe phindu lake ndi ndalama ya kusoka yokha, kuchotsera n'kudzidula chala. Ife mphotho yathu ndi nthawi: wobwera msanga amatenga msanga, mwana amayesa, ngati pathina pali mpata wokonza. Si bodza ayi, mlungu woyamba makina amakhaladi opanda mzere. Temu ina tinawonjezera kusokerera dzina la mwana mkati mwa kolala kwaulere kwa ooda msanga. Makolo a ana a sukulu zogonera anachikonda kwambiri chifukwa kumeneko zovala zimasowa pa chingwe.

Nkhani ya dipoziti nayo ili ndi masamu ake. Chizolowezi ndi kunena kuti "theka". Koma taonani diresi ya K15,000 ija. Nsalu mita imodzi ndi theka, pa K5,000 mita, ndi K7,500. Ulusi, zipi ndi mabatani tiike K1,500. Zonse pamodzi K9,000, ndipo K6,000 yotsalayo ndi ya kusoka. Theka la mtengo ndi K7,500, ndiye kuti pa diresi iliyonse telala akuikapo K1,500 yake asanayambe n'komwe. Pa madiresi makumi asanu ndi ndalama yoti ulendo wa ku Limbe ulephereke. Ndipo kholo likapanda kudzatenga, mwatsala ndi diresi ya muyeso wa mwana wa eni. Dipoziti ikwane zonse zogula, ndipo pa tsambalo ilembedwe ngati ndalama, osati ngati theka kapena peresenti.

Njirayi ili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, imafuna kuti musunge mawu anu. Mukalemba kuti mutseka pa 6, ndiye pa 10 n'kulandira oda ya mkazi wa m'bale wanu, temu yamawa palibe adzakhulupirire tsiku lanu. Azakhali apa amavutika, mtima wawo ndi wofewa, ndiye tinagwirizana kuti mu 170 muja timasungamo malo 10 a anthu okanika kuwakana, osawalengeza. Chachiwiri, imayenera telala amene anthu akumudziwa kale. Ngati mwangotsegula kumene ndipo pa tebulo palibe ntchito, kulengeza kuti mutseka maoda kumaseketsa. Wokudziwani adzati mukutseka chiyani poti simunatsegule.

Pali kenanso koyenera kusamala. Tsiku lotsegulira sukulu musalitenge m'mutu kapena kwa anzanu a pamsika. Kalendala imatuluka ku Unduna wa Zamaphunziro, ndipo yasinthapo kangapo, makamaka zaka zotsatira mliri wa korona. Sukulu zina zomwe si za boma zili ndi tsiku lawolawo, ndipo ana ogonera amanyamuka Loweruka kapena Lamlungu, osati Lolemba. Kwa iwowa tsiku lotenga likhale Lachisanu.

Njira yachitatu: msoko patsogolo

Apa mawu amachepa, zithunzi n'zimene zimalankhula. Tsamba loyamba ndi chovala chotembenuzidwa, kujambulidwa pafupi kwambiri, ndi mawu akuti "Tembenuzani yunifomu musanagule". Masamba otsatira amasonyeza chinthu chimodzichimodzi: msoko wa pakati pa kabudula wodutsidwa kawiri, pakamwa pa thumba pomwe ulusi wabwerezedwa, mpendero wa diresi wopindidwa masentimita 5 ndi mawu akuti "Mwana akatalika, timangomasula". Mitengo ndi tsiku zimabwera kumapeto.

Njirayi imayankha mdani weniweni wa telala, yemwe si telala mnzake koma yunifomu zosokeratu zopachikidwa pamsika. Zija ndi zotsika mtengo ndipo munthu amatenga pompo. Pa mtengo simungazipose. Chimene mungasonyeze ndi chomwe mayi aliyense anachionapo: kabudula wong'ambika pakati mlungu wachitatu, mwana atangokwera mumtengo wa mango. Tsamba la mpendero lija ndilo linatibweretsera mauthenga ambiri kuposa ena onse, chifukwa limanena za ndalama ya chaka chamawa.

Koma imadya nthawi yojambula, ndipo foni wamba imavutika kujambula ulusi pafupi. Jambulani panja pamthunzi, m'mawa dzuwa lisanakwere, chovala chitagona pa nsalu yoyera yopanda maluwa. Dzuwa la masana la ku Mangochi limayeretsa chilichonse, buluu amaoneka ngati wasuluka kale. Ulusi ukakhala wofanana ndi nsalu suoneka n'komwe, ndiye sokani kachidutswa kachitsanzo ndi ulusi woyera pa nsalu yakuda kuti msoko uonekere, ndipo lembani kuti ndi chitsanzo. Kumbukiraninso kuti WhatsApp imachepetsa kuthwa kwa zithunzi potumiza, kotero dzitumizireni kaye pa foni ina muone ngati msoko ukuonekabe.

Chofooka chake chachikulu n'chomwe chija: siiuza munthu tsiku lobwera. Anthu amayamikira, amalemba kuti "ntchito yabwino amayi", koma oda osaika. Ndi njira yabwino kwa telala watsopano amene akufuna kudziwika, kapena yotulutsa kumayambiriro kwa Ogasiti ngati kalambulabwalo, ya tsiku isanatuluke.

Njira yachinayi: dzina la sukulu patsogolo

Tsamba lililonse sukulu imodzi: dzina lake, yunifomu yake itapachikidwa pa hang'ala, mtengo, tsiku ndi nambala. Tsamba loyamba limangoti "Mwana wanu ali pa sukulu iti? Sunthani muone".

Pa kufalikira, iyi imaposa zonse. Kholo likaona yunifomu ya sukulu ya mwana wake limatumiza tsamba lomwelo ku gulu la makolo a sukuluyo, ndipo mwafika kwa anthu amene nambala zawo mulibe. Imathandizanso pa tebulo lodulira, chifukwa maoda amabwera m'magulu a mtundu umodzi. Kudula madiresi khumi a nsalu imodzi ndi kusoka osasintha ulusi ndi kofulumira kwambiri kuposa kudumphadumpha pakati pa wobiriwira ndi wabuluu.

Ngozi zake n'zazikulunso. Tinapsa nayo temu ina. Tinaika tsamba la sukulu ina ya kuno, tinagula mpukutu wa nsalu yabuluu poyerekeza ndi chithunzi cha pa foni, tinasoka madiresi khumi ndi awiri. Tsiku lotsegulira ana athu anaima pa mzere akuoneka okha, buluu wawo wowala kuposa wa anzawo. Aphunzitsi sanawabweze, koma makolo atatu anabwera, ndipo mmodzi sanabwerenso mpaka lero. Mtundu wa nsalu sufaniziridwa pa foni. Pemphani yunifomu yakale kwa kholo, muyang'ane mkati mwa mpendero momwe dzuwa ndi sopo sizinafike, mudule kachidutswa kameneko n'kupita nako kogula.

Chinanso, sukulu zina, makamaka zomwe si za boma ndi za sekondale, zimagulitsa zokha yunifomu kapena zili ndi telala wawo, ndipo baji imapezeka ku ofesi kokha. Kuika dzina lawo pa chithunzi chanu osafunsa kumaoneka ngati akutumani. Pitani kaye mukaonane ndi ahedi. Mukafunsenso kutalika kwa siketi kumene amalola, ndi mtundu wa hijabu wogwirizana ndi yunifomu, poti kuno ana ambiri achisilamu amafuna zonse pamodzi ndipo telala amene wasoka diresi angathe kusokanso hijabuyo. Tsamba limodzi lonena zimenezi limabweretsa maoda amene ena sawaganizira.

Za zithunzi za ana ndinene mwachidule: hang'ala ndi yokwanira. Mwana wa eni atavala yunifomu, dzina la sukulu yake lili pamwamba, chithunzi chikuyenda m'magulu osadziwika, si chinthu choyenera kuchita ngakhale mayi ake atavomera pakamwa.

Njirayi ndi ya telala amene ntchito yake yambiri imachokera ku sukulu zitatu kapena zinayi zoyandikana. Zikapitirira pamenepo karoseli imatalika, ndipo kholo la sukulu ya pa tsamba lachisanu ndi chinayi silifikako.

Komwe muiike kumasinthanso kalembedwe

Karoseli yeniyeni, yosuntha ndi chala, ndi ya pa Instagram. Kumeneko masamba amatsatana bwino, ndipo onse amadulidwa kutengera muyeso wa chithunzi choyamba. Koma makolo a ana a ku pulayimale a kwa Chimwala kapena ku Malindi ambiri sali pa Instagram. Ali pa WhatsApp, ena pa Facebook, ndipo bandulo yomwe amagula nthawi zambiri ndi ya zimenezi.

Pa Facebook, mukaika zithunzi zingapo pa positi wamba, zimaoneka zitaunjikana timabokosi, ndipo mawu ang'onoang'ono sawerengeka mpaka munthu atadina. Choncho zofunika zonse muzilembenso m'mawu a pamwamba pa positi. Pa Status ya WhatsApp masamba amatsatana ndithu, koma lililonse limangoima masekondi ochepa n'kudutsa, ndipo mawa lake lachoka, muyenera kuikanso. Mawu a tsamba limodzi akhale oti munthu awerenge ndi mpweya umodzi. Tsamba la mitengo lokha ndi lomwe lingadzaze, chifukwa limenelo anthu amaligwira ndi chala kapena kulijambula.

Chimene chimachitika m'magulu n'chomwe chinandiphunzitsa zambiri. Kumeneko karoseli imaphwasuka. Munthu amatumiza tsamba limodzi lomwe lamusangalatsa, ena onse n'kutsala. Tsamba la mpendero lija linayenda mpaka ku Namwera lopanda dzina la shopu kapena nambala, chifukwa zonsezo ndinaziika pa tsamba lomaliza. Tsopano tsamba lililonse lili ndi kamzere m'munsi: dzina la shopu, nambala, tsiku lotsekera. Mu Canva, pulogalamu yokonzera zithunzi ngati izi, mumangopanga kamzereko kamodzi n'kukopera tsambalo. Muyeso wa 1080 x 1350 umakwana bwino pa Instagram ndi pa Facebook, ndipo pa Status umaoneka wonse osadulidwa. Pa Facebook muthanso kuika linki yotsegula WhatsApp yanu mwachindunji: mumalemba `wa.me/265` n'kutsatiza nambala yanu popanda 0 woyambirira uja.

Malo a shopu muwafotokoze momwe mungauzire wa kabaza, osati momwe alembera pa layisensi. "Kuchokera pa nsanja ya wotchi, lowerani kumsika, khomo lobiriwira" imathandiza kuposa nambala ya puloti. Ndipo kwa makasitomala amene kuwerenga kumawavuta, kapena amene amamasuka m'Chiyao, azakhali amajambula uthenga wa mawu wa masekondi makumi atatu wonena tsiku ndi mtengo, timautumiza pamodzi ndi zithunzi.

Ana a Fomu 1 ali ndi kalendala yawo

Gulu ili silikwana bwino mu njira iliyonse mwa zinayi zija. Kholo silingaode yunifomu lisanadziwe komwe mwana wasankhidwira, ndipo zimenezi zimadikira zotsatira za mayeso a Sitandade 8 kuchokera ku MANEB. Zikatuluka, maoda awo amabwera ngati mvula ya tsiku limodzi, ndipo ndi aakulu: masiketi awiri, mabulauzi awiri, kapena mathalauzi ndi mashati. Mukakhala kuti 170 yonse mwadzaza ndi madiresi a ku pulayimale, ntchito yonona kwambiri mwaiphonya. Ife timawasungira malo 40, ndipo karoseli yawo ya masamba atatu timaikonzeratu, imangodikira m'foni. Tsiku lomwe zotsatira zalengezedwa pa wayilesi, madzulo ake imatuluka: "Mwana wasankhidwa ku Fomu 1? Zikomo kwambiri, mwagwira ntchito. Bwerani ndi mndandanda wa ku sukulu tiuone limodzi". Mndandandawo ndi wofunika, chifukwa ndi umene umanena mtundu ndi chiwerengero, osati zomwe mwana akukumbukira.

Zomwe tikuchita chaka chino

Sitisankha imodzi, koma sitiziphatikizanso zonse mu karoseli imodzi, chifukwa ndinayesapo ndipo inatuluka masamba khumi ndi awiri omwe ngakhale azakhali sanawamalize. Kumayambiriro kwa Ogasiti kumatuluka ya msoko, masamba anayi. Patatsala milungu inayi kumatuluka ya tsiku, masamba asanu ndi limodzi aja, ndipo ndiyo timaibwereza pa Status Lolemba ndi Lachinayi lililonse. Mitengo imakhala mkati mwake pa tsamba lachinayi, siitsogoleranso. Masamba a sukulu timapanga a sukulu zitatu zokha zomwe tinalankhula nazo, ndipo amapita ku magulu a makolo, osati pa Status.

Pobwereza sindisintha chilichonse kupatula chiwerengero cha pa tsamba lachiwiri. Azakhali ali ndi kope momwe amalemba oda iliyonse: dzina la mwana, miyeso, dipoziti, tsiku lotenga. Loweruka madzulo ndimawerenga zovala za m'kopemo n'kusintha tsambalo kuti "Malo otsala: zovala 95", kenako 60, kenako 25. Chiwerengerocho chiyenera kukhala choona, chifukwa makolo amafunsana. Kopelo ndi lomwenso limandiuza ngati karoseli ikugwira: sindiyang'ana kuti aona anthu angati, ndimayang'ana kuti pofika pa 23 Ogasiti tadutsa theka kapena ayi. Tikakhala kuti sitinafike pa 85, ndimadziwa kuti mulu wa pa 6 Seputembala udzapitirira 40 uja, ndipo azakhali amayamba kulankhula ndi telala mnzawo wa pakhonde lapafupi kuti adzatithandize makabudula mlungu womaliza.